Madamu a suweji pa sukulu ya ku Mzuzu: zoyenera kulemba musanasankhe makina

"Bwana injiniya, ndapatsidwa ntchito yolemba lipoti loona ngati n'kotheka kumanga malo oyeretsera madzi a suweji pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, kunja pang'ono kwa tauni ya Mzuzu. Panopa ana alipo 600, akufuna adzafike 800, ndipo pali nyumba za aphunzitsi 24. Masepitiki thanki akungosefukira. Ine ndinalemba malita 150 pa munthu patsiku, n'kuika makina a magetsi amene ndinaona m'kabuku ka ogulitsa. Opereka ndalama abweza lipotilo, ati gawo la maziko a dizaini ndi gawo lofotokoza kayendedwe ka madzi mulibe kanthu. Kodi akufuna chiyani kwenikweni?" Injiniya wongoyamba kumene, Katoto.

Achimwene, munayambira kumchira. Munasankha makina kaye, kenako n'kufunafuna manambala oti awaperekeze, ndipo wowerenga wodziwa ntchito amazindikira zimenezi asanathe tsamba limodzi. Maziko a dizaini ndi manambala amene china chilichonse chatsamirapo: anthu angati, madzi ochuluka bwanji, akuda bwanji, kukuzizira bwanji, ndipo potuluka ayere kufika pati. Nambala iliyonse ikhale ndi kwawo, kuti iyi tinayeza tokha, iyi tinaitenga ku ofesi yakuti, iyi tangoganizira pa chifukwa chakuti. Gawo lofotokoza kayendedwe ka madzi limabwera pambuyo, ndipo ntchito yake ndi kulondola madziwo kuchokera pa paipi yolowera mpaka kumtsinje, n'kumanena chimene chikuchotsedwa pa malo aliwonse. Tiyeni tiwerengere limodzi sukulu yanuyo. Manambala amene ndiike ndi a chitsanzo, inu mudzaikemo anu mukayeza.

Malita 150 aja afufuteni. Mwana wogonera pa sukulu, wosamba madzi a m'chidebe kapena pa shawa imene imatsegulidwa kwa ola limodzi, safika pamenepo. Koma musanditengere pakamwa, pitani mukawerenge mita. Ngati sukuluyo imalandira madzi a wotabodi, pemphani mabilu a chaka chathunthu kwa akalaliki a sukulu, musiyanitse miyezi ya teremu ndi ya holide. Kenako werengani mita nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse kwa masabata awiri ana ali pa sukulu. Tsiku limodzi mwa masiku amenewo werengani ola lililonse, usiku womwe, mlonda akhoza kukuthandizani. Ngati mita ikuyendabe pakati pa 12 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa ana ali mtulo, ndiye kuti penapake pakudontha, kawirikawiri ndi mathanki a zimbudzi zogejemula, ndipo mwina ndi madzi amenewo amene akusefukiritsa masepitiki. Nthawi zina kusintha timipira ta m'mathanki a zimbudzi kumachotsa gawo lalikulu la vuto musanakumbe n'komwe. Ngati ndi mjigo wa pampu wopanda mita, yezani mmene thanki ya pamwamba ikutsikira pampu itazimitsidwa.

Tinene kuti mwapeza malita 70 pa mwana ndi malita 100 pa munthu wa m'nyumba za aphunzitsi. Muwerengere ana 800, osati 600, chifukwa damu silikumbidwa kawiri. Ana 800 amwa ndi kusamba malita 56,000. Nyumba 24 za anthu asanuasanu ndi anthu 120, malita 12,000. Pamodzi malita 68,000 patsiku. Si onse amene amalowa m'paipi ya suweji, ena amathera kuthirira maluwa, kukolopa ndi kuchapa panja, choncho timatenga magawo 80 pa 100, omwe ndi malita 54,400. Onjezerani magawo 10 pa 100 a madzi a pansi olowera m'malumikiziro a mapaipi ndi m'mamanihole nthawi ya dzinja, mufika pa makiyubiki mita 60 patsiku. Iyi ndi nambala yoyamba.

Kuwerenga ola ndi ola kuja kukupatsani yachiwiri. Makiyubiki mita 60 mukawagawa ndi maola 24 mupeza 2.5 pa ola, koma sukulu siyenda choncho. Belu likalira 5 koloko m'mawa ana onse amadzukira kubafa ndi kuchimbudzi nthawi imodzi. Ngati magawo 40 pa 100 a madzi a tsiku lonse adutsa m'maola awiri amenewo, ndiye kuti makiyubiki mita 12 pa ola, pafupifupi kasanu kuposa avereji. Mabuku a suweji ya m'tauni amapereka kawiri kapena katatu, chifukwa m'tauni anthu sadzuka ndi belu. Mapaipi, sefa ndi ngalande ya mchenga muziyeza ndi 12 ameneyu, madamu muziyeza ndi 60.

Tsopano ukali wa madziwo, pamene ambiri amagwera. BOD ndi muyezo wa zonyansa zowola zimene zili m'madzi: ku labotale amaona kuchuluka kwa okosijeni amene tizilombo tadya m'masiku asanu pa madigiri 20. Zonyansa zimenezi zimachokera kwa munthu, osati kwa madzi. Munthu asambe madzi ambiri kapena ochepa, zimene wasiya kuchimbudzi ndi kukhitchini n'zomwezo. M'maiko ngati athu ano timawerengera magalamu 40 a BOD pa munthu patsiku. Anthu 920 ndiye makilogalamu 36.8. Agaweni m'makiyubiki mita 60 aja, mupeza mamiligalamu 613 pa lita. Tsegulani kabuku ka ogulitsa kaja muone kuti makinawo anapangidwira madzi otani. Kawirikawiri mupeza 250 kapena 300, chifukwa kumene anapangidwako anthu amathira madzi ambiri. Ndiye kuti makina olembedwa "makiyubiki mita 60" akhoza kulandira zonyansa zowirikiza kawiri zimene angathe, pamene madzi ake ali ndendende. Malita 150 anu aja anabisa zimenezi: anachulukitsa madzi, n'kusungunula ukali papepala.

Nambala imeneyi muitsimikize ndi sampulo. Musatunge kamodzi masana n'kunena kuti mwayeza. Tungani pang'onopang'ono pa manihole yomaliza kuyambira m'mamawa mpaka usiku, mochulukirapo nthawi imene madzi akuthamanga, sakanizani, sungani m'kulabokosi ya ayezi, ikafike ku labotale asanathe maola 24. Tungani madzi asanalowe m'sepitiki. Ngati zotsatira zasiyana kwambiri ndi zowerengera, lembani zonse ziwiri m'lipoti, munene imene mwatenga ndi chifukwa chake.

Nambala imene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi ya kuzizira. Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo inu a ku Katoto simufunika kuuzidwa za m'mawa wa mu Juni ndi Julaye. Zonse zoyeretsera madzi a suweji, kaya madamu kaya makina, zimadalira tizilombo todya zonyansa, ndipo tizilombo timachita ulesi kukazizira. Pa dizaini sititenga kutentha kwa chaka chonse, timatenga avereji ya mwezi wozizira kwambiri, usana ndi usiku pamodzi. Kuno imakhala cha m'madigiri 13. Kapempheni nambala yeniyeni ku nthambi yoona za nyengo, muilembe ndi zaka zimene yachokera. Njira imene ambiri timatsata pa madamu ndi ya katswiri wa madamu a suweji Duncan Mara, ndipo masamu ake ndi awa, T kukhala madigiri aja:

```
λv = 20T − 100                      (g BOD/m³/d, T = 10–20)
BOD removal % = 2T + 20
λs = 350 (1.107 − 0.002T)^(T − 25)  (kg BOD/ha/d)
```

Mzere woyamba ndi wachiwiri ndi wa damu loyamba, lakuya, lopanda okosijeni, momwe zolimba zimadikha n'kumawolera pansi. Pa madigiri 13 kiyubiki mita iliyonse ingalandire magalamu 160 patsiku. Magalamu 36,800 kugawa ndi 160 ndi makiyubiki mita 230. Pa kuya kwa mamita atatu ndi kamalo kochepa, masikweya mita 77, ndipo madzi amakhalamo masiku osakwana anayi. Limachotsa magawo 46 pa 100 a BOD, choncho 613 uja atsika kufika pa 331, kutsala makilogalamu pafupifupi 20 patsiku.

Mzere wachitatu ndi wa damu lachiwiri, lotakasuka, lakuya mita imodzi ndi theka. Muno ndere zimapanga okosijeni ndi kuwala kwa dzuwa, tizilombo n'kumagwiritsa ntchito okosijeniyo kudya zonyansa. Chifukwa chake timaliyeza ndi kukula kwa pamwamba, si kuya ayi. Pa madigiri 13 hekitala imodzi ingalandire makilogalamu 137 patsiku. Makilogalamu 20 aja afuna masikweya mita pafupifupi 1,450, ndipo madzi adzakhalamo masiku 36. Tsopano ikani madigiri 21 m'masamu omwewo, monga mmene zimakhalira kunyanja, mupeza makilogalamu 272 pa hekitala. Kutsika phiri kupita ku Nkhata Bay, ulendo wa ola limodzi, damu la katundu yemweyo limachepa ndi theka. N'chifukwa chake pulani yobwereka kwa mnzanu amene anamanga ku Karonga kapena ku Salima singagwire kuno. Idzaoneka bwino mu Okutobala ndi Novembala, kenako mu Julaye damu lidzasanduka lotuwa kapena lofiirira ngati pinki, fungo la mazira owola n'kufika kumahositelo. Damu lachiwiri la moyo limakhala lobiriwira ndipo silinunkha. Mtundu ukasintha, lalemedwa.

Musanapitirire, lembani kumene madzi akupita ndi amene ali kumunsi. Pitani ndi miyendo, mutsate khwawa. Kuzungulira Mzuzu pafupifupi dambo lililonse lili ndi madimba, ndipo mpiru, repu ndi tomato za m'menemo zimathera mumsika. Mu Okutobala timitsinje tina timatsala pang'ono kuuma, moti madzi anu ndiwo adzakhale mtsinjewo. Miyezo ya madzi a suweji otayidwa m'mitsinje ili mu MS 691 ya bungwe la MBS. Gulani kope lake, mukopere malire ake m'lipoti monga alembedwera. Chilolezo chotayira madziwo chimachokera ku bungwe loona za madzi la NWRA pansi pa lamulo la za madzi la 2013, ndipo a bungwe loona za chilengedwe la MEPA, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017, ndiwo anene mtundu wa kafukufuku wa zachilengedwe amene ntchitoyo ikufuna. Mu chitsanzo chathu nditenga BOD ya mamiligalamu 20 pa lita, ndi tizilombo ta m'chimbudzi monga E. coli tosapitirira 1,000 pa mamililita 100, ndipo 1,000 ameneyu ndi malire a bungwe la WHO a 1989 a madzi othirira ndiwo zodyedwa zosaphika.

Tizilombo ta matenda timafera m'madamu otsiriza, osaya, a mita imodzi, momwe dzuwa limafika pansi. Nakonso kuzizira kumatibweza m'mbuyo. M'masamu a katswiri wina, Marais, liwiro la kufa kwa E. coli ndi 2.6 patsiku pa madigiri 20, koma pa madigiri 13 latsika kufika pa 0.77. Tikayamba ndi 50 miliyoni pa mamililita 100 m'madzi olowa, potuluka m'damu lachiwiri atsala pafupifupi 440,000. Kuti afike pansi pa 1,000 pafunika madamu atatu otsatizana: loyamba la masiku 18, lalikulu dala kuti lisalemedwe ndi BOD yotsala, ndi awiri a masiku 6 lililonse. Pamodzi masikweya mita 1,800. Phatikizani madamu onse, madzi okha adya masikweya mita oposa 3,300. Ndi zipupa, njira ya galimoto, poumitsira matope ndi mpanda, pemphani theka la hekitala. Aphunzitsi aakulu auzeni kuti ndi malo ocheperako pang'ono kuposa bwalo la mpira, adzamva msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kulemba poyera ngakhale sichikoma. Madamu okha sangakufikitseni pa BOD ya 20. Potuluka m'damu lachiwiri masamu amapereka cha m'ma 90, potuluka m'lotsiriza cha m'ma 40, ndipo gawo lalikulu la zimenezo ndi ndere zamoyo, osati zonyansa za kuchimbudzi. Sampulo yosefedwa imatsika kwambiri. Ndiye funsani opereka chilolezo mwa kalata ngati amayeza sampulo yosefa kapena yosasefa, yankho lawo mulimate kumapeto kwa lipoti. Ngati ndi yosasefa, onjezerani sefa ya miyala kapena kadambo kochita kupanga ka miyala ndi bango pambuyo pa damu lotsiriza, muikenso mu bajeti. Wopereka ndalama amakhulupirira lipoti lonena malire a njira yake kuposa lolonjeza magawo 99 pa 100.

Apa ndi pamene kusankha njira kumabwera, ndipo mukuona kuti manambala asankha kale mbali yaikulu. Lipoti loona kutheka kwa ntchito liyerekeze njira ziwiri kapena zitatu pa maziko omwewo. Makina anu aja musawataye, aikeni pa mndandanda, koma ayankhe mafunso: alandira makilogalamu 36.8 patsiku? Apirira makiyubiki mita 12 pa ola? Magetsi akathima maola asanu ndi limodzi chichitike n'chiyani? Nanga holide? Makina opopera mpweya amasunga tizilombo tambirimbiri m'thanki yaing'ono. Mpweya ukasiya kwa maola angapo timayamba kufa, chakudya chikasowa mwezi wathunthu ana ali kwawo timatha, ndipo sukulu ikatsegulidwa pamatenga masabata kuti tibwerere, pomwe madzi akutuluka osayera. Zaka zapitazo ndinaitanidwa pa malo ena kumene makina otere anangogwira ntchito chaka chimodzi. Chopopera mpweya chinapsa, china choti chilowe m'malo kunalibe, munthu amene anaphunzitsidwa kuyendetsa anali atasamutsidwa. Ndinapeza thanki yakuda bii, madzi akungodutsa monga analowera, koma penti ya kunja ikadali yowala. Madamu alibe chopsa. Pa holide madzi amangokhalitsamo, basi.

Ngati theka la hekitala palibe, njira yapakati ndi thanki yokwiriridwa ya zipinda zotsatizana, imene m'mapulani imalembedwa ABR, yotsatidwa ndi kadambo ka miyala ndi bango. M'thankimo madzi amakwera kudutsa m'matope chipinda ndi chipinda, ndipo asamakwere mothamanga kuposa pafupifupi mita imodzi pa ola, apo ayi amanyamula matopewo. Apa 12 uja wabweranso: chipinda chilichonse chifunika pansi pa masikweya mita 12. Amene anawerengera 2.5 amamanga tizipinda ta masikweya mita atatu, ndipo m'mawa uliwonse matope amakokoloka n'kukatseka miyala ya kadambo kaja. Dziwaninso kuti njira imeneyi payokha siipha tizilombo ta matenda mokwanira kuti madzi akalowe m'madimba.

Tinene kuti malo alipo ndipo mwasankha madamu. Gawo lofotokoza kayendedwe ka madzi mulilembe ngati mukuyenda ndi mlendo kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi. Pa malo aliwonse nenani chimene chikulowa, chimene chikuchitika, kukula kwake, chimene chikutuluka, ndi kumene zochotsedwazo zikupita. Mbali yotsirizayi ndi imene imaiwalika.

Yambirani kukhitchini, musanafike n'kumadamu komwe. Paipi ya kukhitchini idutse pa kathanki kogwira mafuta, chifukwa mafuta akazizira amaundana m'paipi, ndipo kuno amaundana msanga. Kenako sefa ya zitsulo pa khomo la malo oyeretsera, mipata ya mamilimita 20 mpaka 25, yopendekeka kuti munthu azikokera zinyalala m'mwamba ndi reki. Pa sukulu ya atsikana sefa imeneyi si yokongoletsa. Mapadi, nsanza ndi mapepala a m'makope zimabwera tsiku lililonse, ndiye lembani kuti izichotsedwa kawiri patsiku, zochotsedwazo zizikwiriridwa kapena kuwotchedwa pa malo akuti. Pambali pake pakhale njira yodutsira madzi sefa ikatsekeka usiku. Ikatha sefa, ngalande yogwira mchenga, ziwiri zoyandikana kuti ina izitsukidwa ina ikugwira ntchito, madzi aziyendamo pafupifupi mamita 0.3 pa sekondi kuti mchenga udikhe koma zowola zipitirire. Mabuku ena amati pa malo aang'ono ngalande imeneyi n'njosafunika. Olembawo sanaone mmene mapoto a nsima ya anthu 800 amakwechedwera ndi mchenga ndi phulusa. Pomaliza pa khomopo ikani choyezera madzi chosafuna magetsi, chitsulo chodulidwa ngati V ndi rula pambali, kuti woyang'anira azilemba m'kope tsiku ndi tsiku.

Kwa damu lililonse chiganizo chake chikhale ndi manambala. Mwachitsanzo: "Madzi okwana makiyubiki mita 60 patsiku, a BOD 331, amalowa m'damu lachiwiri pa ngodya ina, pansi pa madzi, n'kutulukira pa ngodya yopingasana nayo. Damulo ndi la masikweya mita 1,450, lakuya mamita 1.5, m'litali mwake kuwirikiza katatu m'lifupi, ndipo madzi amakhalamo masiku 36." Za ngodyazo si zachabe. Polowera ndi potulukira zikayandikana, madzi amadula njira n'kutuluka m'masiku ochepa, masiku 36 aja n'kutsala papepala. Nenaninso kuti madzi akuyenda okha motsetsereka popanda pampu, ndipo muonetse kutsika kwa damu lililonse pa chojambula. Mapiri a kuno amavutitsa pokumba, koma amatipatsa mwayi umenewu ulere.

Matope apatseni ndime yawoyawo. M'damu loyamba amaunjikana pafupifupi makiyubiki mita 0.04 pa munthu pachaka, omwe kwa anthu 920 ndi 37. Damu limachotsedwa matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu, makiyubiki mita 77, ndiye kuti zaka ziwiri zilizonse. Poti kuno kuzizira kumachedwetsa kuwola, ine ndimalemba chaka chilichonse, pa holide yaitali, nthawi ya chilimwe. Tsiku lodziwika pa kalendala ya sukulu limakumbukika, pamene "matope akafika pakuti" palibe amene amakayeza. Kuyeza kwake n'kosavuta: kulungani thaulo loyera pa nsungwi, imikani mpaka pansi, potulutsa muona pamene pada. Mangani madamu oyamba awiri oyandikana kuti lina lizipuma likamachotsedwa. Matopewo apite pa mabedi a mchenga oumitsira, ndipo madzi otsika pansi pa mabediwo abwerere m'damu lachiwiri, asapite kukhwawa. Mvula ya kuno imachedwa kusiya ndipo mawawa amapitirira mpaka nyengo yozizira, choncho mabedi a denga la malata owala amauma bwino kuposa a pamtetete. Matope ouma asungidwe nthawi yaitali, chaka kapena kuposa, asanathiridwe m'munda, chifukwa mazira a njoka za m'mimba safa msanga.

Mvula ilinso ndi masamu ake. Mamilimita 50 akagwa tsiku limodzi pa masikweya mita 3,300, ndi makiyubiki mita 165, pafupifupi madzi a suweji a masiku atatu. Mapaipi olumikiza madamu ndi otulukira akhale otha kunyamula zimenezo, zipupa zitalike theka la mita pamwamba pa madzi, ndipo kumtunda kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi othamanga kuchokera m'phiri. Yendaninso kuseri kwa mahositelo muone ngati mapaipi a madzi a padenga sanalumikizidwe ku mamanihole. Zimachitika kawirikawiri, mmisiri wina pofuna kuchotsa matope pakhomo. Denga limodzi la hositelo likhoza kutsanulira m'damu loyamba madzi okwanira kukokolola matope onse kupita nawo m'lachiwiri.

Za malo, lembani mtunda kuchokera kumahositelo ndi kumidzi yoyandikana, mamita 200 ngati n'kotheka, makamaka kwa damu loyamba. Nthawi yozizira mphepo ya mwera imachokera kummwera chakummawa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene madamu amakhala ofooka, ndiye akhale kumbali imene mphepoyo ikupita, osati kumene ikuchokera. Mpanda wa waya ndi geti ya loko zilowe mu bajeti yoyamba, zisadikire "gawo lachiwiri", chifukwa ana a m'mudzi amaona damu lobiriwira ngati posambira kapena powedza. M'mphepete momwe madzi amalekezera muyale masilabu kapena miyala ya simenti kuti udzu usamere, poti udzudzu umaswana m'udzu wa m'mbali, osati pakati pa damu. Tchulani munthu amene adzagwire ntchito zimenezi, kaya ndi mmodzi wa ogwira ntchito za panja, maola ake patsiku, ndi ndalama ya magolovesi, majombo, reki ndi wilibala pachaka.

Chotsiriza chimene chingagwetse pulani yonseyi ndi nthaka. Malo athyathyathya amene sukulu idzakulozereni mwachidziwikire ndi a kumunsi, kufupi ndi dambo, kumene madzi a pansi ali pafupi. Damu loyamba ndi lakuya mamita atatu. Kumbani maenje oyesera atatu kapena anayi, akuya mamita anayi, muone pamene madzi aima pakatha tsiku limodzi, ndipo dothi lake lipite ku labotale akaone mmene limadutsitsira madzi. Ngati limamwa madzi msanga, pansi pa madamu pafunika dongo lotsenderedwa kapena pulasitiki wokhuthala, ndipo pa masikweya mita oposa 3,300 mtengo wake ukhoza kusintha njira imene ikuoneka yotchipa. Pulasitiki woyalidwa pamene madzi a pansi ali pamwamba amafufuma ngati chibaluni damu likaphwetsedwa. Maenjewo akumbidwe mu Malichi kapena Epulo, mvula ili kumapeto. Ngati lipoti likufunika nthawi imeneyo isanafike, lembani tsiku limene munakumba, nenani kuti muyezowo ndi wa chilimwe, ndipo muike mu bajeti ndalama yodzakumbanso mu Epulo dizaini yomaliza isanasainidwe.